Deti yanga yoyamba inandisiyira ngongole ya K36,400, yachiwiri inadya K9,800 basi

Ndinali chaka chachiwiri ku koleji ku Zomba, ndikukhala ku Chikanda m'kachipinda kamene timagawana ndi mesho wanga, bedi uku bedi uko, pakati mbaula ndi ndowa. Mitengo yonse imene nditchule pano ndi ya nthawi imeneyo, kwacha isanagwetsedwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye musandinene kuti ndikunama mukapeza kuti dzira pano lili pena. Chimene sichinasinthe ndi momwe ndalama ya mwana wasukulu imathawira pa deti, ndipo ine ndinaziphunzira mowawa.

Mtsikanayu timakumana mu kalasi imodzi yokha pa sabata. Ndinamuzungulira semesita yonse, kubwerekana manotsi amene ndinali nawo kale, mpaka tsiku lina ndinalimba mtima nkumuuza kuti Lachisanu madzulo ndikufuna tikadye kwinakwake. Anangoti "chabwino, tiona". Mthumba ndinali ndi K6,000, alawansi inali isanalowe ndipo kunyumba anali atandiuza kale kuti mpaka agulitse nandolo.

Apa ndi pamene ndinapanga chopusa choyamba. M'malo mokonza zinthu zokwana K6,000 yangayo, ndinapita kwa mkulu wina wa katapila amene ana asukulu onse amamudziwa, nkutenga K20,000 yoti ndikabweze K30,000 pakutha pa mwezi. Mesho anandiuza kuti aise, ukufuna ukaoneke ngati mwana wa nduna kwa munthu amene amakuona tsiku ndi tsiku ukudya chiwaya cha K800? Ine ndinamuyankha kuti zachikondi sazidziwa.

K1,000 inapita kometa. K4,000 inapita pa takisi, chifukwa ndinaona ngati kukamutenga pa kabaza ndi manyazi. Ndiye tisanalowe nkomwe mu lesitilanti ndinali nditatsala ndi K21,000. Takisi itaima pa geti la hositelo yawo anatuluka anthu awiri, iyeyo ndi mnzake. Mtima unangoti phwii koma ndinamwetulira ngati ndimayembekezera zimenezo. Nthawi imeneyo ndinakwiya, ndimaona ngati andipanga dala kuti andidyere, koma patapita miyezi anandifotokozera ndipo ndinamvetsa. Ndinamuitana usiku, sindinamuuze kumene tikupita, timadziwana mwapatalipatali, ndiye mtsikana wanzeru akanapita yekha bwanji? Mukaitana munthu usiku osatchula malo, konzekerani mbale zitatu.

Malo ake sindiwatchula, iwo sanalakwe kanthu. Ndinali ndisanalowemo chiyambire, ndimangowaona panja ndikamadutsa, ndipo menyu ndinaiona koyamba titakhala kale pansi. Awiriwo anaitanitsa nkhuku ndi tchipisi, K8,500 mbale imodzi, ndi majuwisi a K2,500. Ine ndinati ndadya kale, nditenga fanta basi, K1,500, pamene m'mimba munali mandasi awiri a m'mawa. Ndinawerengera mumtima kuti K23,500, ndapereweza K2,500, mwina ndikanyengerera weita. Chimene sindinaone ndi timalemba tapansi pa menyu toti mitengoyo ndi yopanda msonkho wa 16.5 peresenti. Bilu inabwera pafupifupi K27,400.

Zimene tinacheza usiku umenewo sindikukumbukapo ngakhale chimodzi. Iye amayankhula, ine mutu uli pa masamu, ndikuyang'ana tambula ya mnzakeyo ndikupemphera kuti asaitanitsenso ina. Ndinanamizira kupita kuchimbudzi nkukakumana ndi weita ku kauntala, ndinati achimwene ndithandizeni, ndili ndi K21,000, yotsalayo mawa m'mawa. Anaitana manijala, manijala anati siyani foni. Ndinasiya foni. Pobwerera atsikana aja analipira okha takisi, ine ndinati ndili ndi koti ndidutse mtauni, nkuyenda wapansi mpaka ku Chikanda mumdima, njala ikundipweteka.

Mesho anandibwereka K6,400 yokaombolera foni, osandiseka nkomwe, zimene zinandipweteka kuposa akanaseka. Alawansi itabwera wakatapila anatenga yake K30,000. Masabata atatu ndinadya masoya pisi ndi bonya, ndipo ndinayamba ganyu yophunzitsa masamu ana awiri a folomu 4 ku Matawale kuti ndibweze ya mesho. Mtsikana uja ndimamuthawa, mu kalasi ndimakhala kumbuyo nkutuluka aphunzitsi asanamalize kutsanzika.

Ndi iyeyo amene anandipeza pa chiwaya tsiku lina. Anati, "Iwe, foni unakaitenga?" Kani anaona zonse, kauntala ija inali moyang'anana ndi galasi. Ndinasowa chonena nkungomuuza zoona, za katapila, za fanta ija, zonse. Anaseka mpaka kugwira pamimba, kenako anati ukanangonena, ine nkhuku ija sindinaimve nkukoma komwe poona mmene umatulukira thukuta. Pamenepo mpamene ndinati ndipatse mwayi wina, koma ulendo uno ndili ndi K10,000 ndipo sindikongola kwa munthu. Anati bola pasakhale takisi.

Nkhani ya kumene tipite sindinaivutikire chifukwa anali atainena yekha kalekale ine osamva. Kwawo ndi ku Nsanje, ndipo tsiku lina tikukopera manotsi anadandaula kuti chaka ndi theka ali ku Zomba, phiri amangoliona pawindo, sanakwereko, mathithi sanawaonepo ndi maso, ndipo masitolobele amene anthu amawatchula aja sakudziwa kuti amakoma bwanji. Ine nthawi yonseyo ndimaganiza za malo oti ine ndikaoneke dolo, pamene munthu anali atanena kale chimene akufuna, ndipo chinali chaulere.

Chimene ndinachita mosiyana, ndipo ndi chimene ndingauze aliyense, ndinapitako ndekha kaye Loweruka la sabata yapambuyo pake. Ndinakwera wapansi kudzera njira yachidule imene amaitcha Potato Path, imene anthu okhala pamwamba amatsikira ndi katundu popita kumsika. Ndinkafuna kudziwa zinthu zimene pa deti yoyamba ndinazidziwira pa bilu: zitenga nthawi yaitali bwanji, pokhala pali pati, ndalama ituluka pati. Ndekha ndinatenga ola ndi theka kufika chakufupi ndi hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri, ndiye ndinadziwa kuti awiri, wina wosazolowera phiri, ndi maola awiri kapena kuposa. Ndinafunsa amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu mtengo wa kambale ka masitolobele, anayamba ndi K3,000 poganiza kuti ndine mlendo, nditawayankha kuti mayi ine ndi mwana wasukulu wa pansipa anatsika mpaka K1,500. Ndinayenda mpaka ku damu la Mulunguzi, nkutsata mtsinje kukwera mpaka ku mathithi a Williams, ndikuona pamene pali mwala wabwino wokhalapo. Ndinapezanso wakabaza wa njinga yamoto amene anali atangotsitsa munthu, tinagwirizana K2,000 munthu mmodzi kutsika mpaka mtauni, ndinatenga nambala yake nkumuuza kuti abwere ndi mnzake.

Ndinaganizako zoti tikafike ku Emperor's View, kumene anaimako Haile Selassie atabwera mu 1965, chifukwa kumeneko kukayera umaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Koma ndi kutali ndithu kuchokera ku damu, ndipo unali mwezi wa Seputembala, utsi wa moto wa m'tchire unali utaphimba chigwa chonse. Kukoka munthu mtunda wonsewo kuti akaone utsi ayi. Kumeneko nkopita mvula ikangotha, kumwamba kukadali koyera.

Bajeti ndinaiyamba chakumapeto. Ndalama yoyamba kuipatula inali K4,000 yobwererera, ndinaikulunga mu kapepala nkuiika m'thumba lamkati la chikwama, ndipo ndinadziuza kuti imeneyo kulibe. Chifukwa chake nchakuti kupita munthu amapita ndi mphamvu komanso chisangalalo, wapansi zimatheka, koma pobwerera miyendo yatha, dzuwa likulowa, ndipo pamenepo wakabaza akatchula mtengo uliwonse umangovomera. Anyamata ambiri timawononga popita kuti tioneke bwino, nkubwerera movutika, pamene chimene munthu amagona nacho ndi mmene tsiku lathera. Ndipo ikhale ndalama yogwirika, yosinthasintha, osati ya pa foni, pamwamba paja netiweki imabwera nkumapita ndipo ejenti simumupeza pa mathithi.

K1,500 ina ndinapatula ya masitolobele. Yotsalayo ndinapita nayo kumsika waukulu Lachisanu madzulo: mulu wa kachewere K1,000, mafuta oyeza K600, mazira anayi K1,000, tomato anyezi ndi kabichi pang'ono K600, makala K500, thobwa mabotolo awiri K600. Zonse pamodzi ndi transipoti K9,800, kutsala K200. Iye nditamuuza pulani yonse Lachitatu, malo, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, ananena yekha kuti abweretsa zitumbuwa, tiyi mu fulasiki ndi chitenje choyala. Poyamba ndinafuna kukana, kaulemu kachabechabe kaja, koma ndinakumbukira foni yanga ili mu diloo ya manijala ndipo ndinati bweretsa. Ndinamuuzanso kuti auze mnzake uja kumene tikupita, avale nsapato zotseka, atenge juzi. Mnzakeyo ulendo uno sanabwere.

Musaganize kuti zonse zinayenda bwino. Tinapangana 7 koloko, tinanyamuka cha m'ma 9, ndipo wolakwa ndinali ine. Ndinadzuka 6 kuti ndikazinge tchipisi pa mbaula, makala anali onyowa, mafuta a K600 mu kapoto kakang'ono amafuna kukazinga kanayi, ndiye nthawi inangopita. Kenako ndinathira tchipisi chotentha mu kontena nkutseka. Pofika pamwamba chinali chitachita thukuta, chofewa ngati mbatata yophika, chomatana. Ndikanadziwa ndikanachisiya chizizire poyera kaye, kapena kungosiya za tchipisi nkuwiritsa kachewereyo ndi mchere usiku wake, kumuthira tomato ndi anyezi wokazinga, amakoma ngakhale atazizira ndipo mafuta ake ndi ochepa. Mazira owiritsa okha ndi amene anafika ali bwinobwino. Saladi ya kabichi ndinaithira mchere kunyumba, inatuluka madzi nkunyowetsa chikwama. Mchere muzinyamula padera mu kapepala.

Kunyamuka mochedwa kunatilanga pa chitunda. Pofika 10 koloko dzuwa linali litakwiya, njira ija ndi yoimirira, malo ena umachita kugwira maondo. Ndinatenga botolo limodzi la madzi la malita awiri, tisanafike theka linali litatsala pang'ono. Iye anakhala pa mwala, nkhope itasintha, anati, "Iwe, ukufuna undiphe chifukwa cha nkhuku ija eti?" Ndinachita mantha kuti basi zadanso. Amayi ena akutsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu anatidutsa, mmodzi anati, "Pepani achemwali, mwatsala pang'ono," ife tonse tikudziwa kuti akunama. Tinaseka, tinadya chitumbuwa chimodzi chimodzi, nkupitiriza mwapang'onopang'ono. Anthu awiri tengani malita anayi, ndipo amene mwayendapo kale muziyenda kumbuyo, chifukwa ukakhala kutsogolo umathamanga osadziwa, mnzako nkumachita manyazi kunena kuti watopa. Tinatenga maola awiri ndi theka.

Titangotulukira pamwamba mphepo inasintha, kunayamba kuzizirira, fungo la mitengo ya paini, ndipo munthu wa ku Nsanje uja anavala juzi pakati pa usana ine ndikuseka. Amayi a masitolobele anandizindikira, anati ana anga mwabweradi, nkuwonjezera timabulosi pang'ono pamwamba. Ndinatsuka ndi timadzi totsala. Analuma limodzi, anakhala chete, kenako anati, "Ndiye zimenezi? Zowawasa chonchi?" Anthu inu, K1,500 yanga. Koma anamaliza kambale konse yekha, ine ndinalawa atatu, ndipo mpaka lero akafuna kundiseka amati tiye ukandigulire zowawasa zija.

Pamwambapo pali anyamata ogulitsa ziboliboli ndi timiyala tonyezimira, ena amadzipereka kuti akulondolereni njira. Si anthu oipa, akusaka ya ufa, koma ngati mulibe ndalama nenani poyambirira pomwe, musalole munthu ayende nanu mphindi makumi awiri kenako muzikangana pamaso pa mnzanu. Ine ndinangoti achimwene njira ndikuidziwa, ndife ana asukulu, ndipo anatisiya mwaulemu. Kukanakhala kuti sindinabwereko sabata yathayo ndikanafunikadi wondilondolera, ndipo bajeti ikanathera pomwepo. Pa hotela ija tinangodutsa panja. Ndinamva kamtima koti tilowe timwe kafanta kamodzi tijambulitse, koma ndinali nditaphunzira kuti malo oterowo umalipira mpando osati fanta.

Tinakhala pang'ono m'mbali mwa damu, kenako tinatsata mtsinje mpaka ku mathithi. Loweruka kumakhala anthu, magulu a kwaya, mabanja, ana asukulu anzathu, ndipo ndinasankha tsikulo dala, pa deti yoyamba kapena yachiwiri musatengere munthu ku tchire kopanda anthu, iye sakhala womasuka komanso nonse mukhoza kukumana ndi achifwamba. Tinayala chitenje pa mwala uja, chapatali pang'ono ndi gulu. Madzi ake ndi ozizira ngati a mu fuliji, anaviika phazi nkukuwa, kenako anakhala nthawi yaitali akungoyang'ana madzi akugwa osayankhula kanthu. Ine ndinangomusiya. Kenako tinadya tchipisi chathu chomatana ndi manja, thobwa, tiyi wa mu fulasiki pa kapu imodzi chifukwa tonse tinaiwala yachiwiri.

Tili mkati mocheza za agogo ake ndi mmene madzi osefukira anawasamutsira, ndinamva jumbo ikulira kumbuyo. Nyani anali atatenga jumbo ya zitumbuwa zotsala ndi dzira limodzi, anakhala pa nthambi nkumasenda dziralo mwaluso ngati munthu, akutiyang'ana. Chakudya musachisiye poyera kumeneko, mukatapa bwezerani m'chikwama nkutseka zipi, ndipo nyani akatenga musalimbane naye. Iye anaseka mpaka misozi, anafuna kujambula koma foni yake inali itazima, yanga inali pa 9 peresenti chifukwa ku Chikanda magetsi anazima usiku wonse ndipo sindinaganize zokatchajitsa. Tinajambula zithunzi zitatu zokha tsiku lonse nkuzimitsa foni kuti itsale yoimbira wakabaza. Chimodzi mwa zitatuzo ndinakachitsukitsa pa situdiyo mwezi wotsatira ganyu atandilipira, ndi chimene chinakhala mphatso, popeza patsikulo ndinalibe choti ndimupatse.

Chimene ndinazindikira tili pamwalapo nchakuti ndikumva zonse zimene akunena. Panalibe bilu imene ikubwera, zonse zinali zolipiridwa kale dzulo lake kumsika, ya transipoti ili m'thumba lamkati. Tinacheza maola atatu osaona kuti apita.

Ndipo kumeneko ndi kumene ndinalakwitsanso. Ndinapangana ndi wakabaza 4 koloko, ife tinanyamuka pa mathithi 4 itadutsa kale, kufika pamsewu cha m'ma 5. Mwezi umenewo 6 koloko kumakhala kutada, ndipo m'phiri mdima umafulumira. Kuimba, netiweki palibe. Ndinayenda uku ndi uku foni m'mwamba mpaka inagwira, wakabaza anati biggy ndinakudikirani ndatsika, ndibwera koma mnzanga waweruka. Batire 3 peresenti. Tinayamba kutsika wapansi pa msewu wa tala kuti tikumane naye, njira yachidule ija mumdima ayi. Anatipeza patatha mphindi ngati makumi atatu, njinga imodzi, ndipo anati kwerani nonse. Msewu umenewo uli ndi makona oopsa, kutsetsereka kokhakokha, anthu atatu pa njinga imodzi opanda zipewa ndinakana ngakhale kunali kukuda. Ndinamuuza kuti atsitse iyeyo kaye mpaka pa geti la hositelo, ine ndipitiriza kuyenda adzanditenge. Mtsikana uja anakana, anati tabwera limodzi. Mapeto ake wakabaza anaimbira mnzake wina amene anabwera, koma anati K2,500 chifukwa kwada. Ndinali ndi K4,200. Ndisanayambe kunyengerera, iye anatulutsa K500 m'thumba la juzi nkumupatsa, osandiyang'ana nkomwe.

Tinatsikira pa msika chifukwa anati akufuna ayendeko pang'ono miyendo isaume. K200 ija inali ikadalipo, ndipo pakona panali mayi wina akuotcha chimanga cha kudimba. Chimodzi chinali K300. Ndinati mayi ndili ndi K200 yokha, anatiyang'ana tonse awiri, fumbi mpaka m'maondo, chitenje chonyowa paphewa, anasankha kachimanga kakang'ono nkukathyola pakati.